Kudula mutu ndi mchira wa vidiyo ya pafoni popanda kuiwononga

Vidiyo yojambulidwa pafoni kawirikawiri imayamba ndi zinthu zimene wojambulayo sanazifune. Masekondi oyambirira mumaona denga la tchalitchi, nsapato za munthu, kapena chala chitaphimba kamera, kwinaku wina akufunsa kuti, "Kodi yayamba kujambula?" Kumapeto nakonso n'chimodzimodzi: nyimbo yatha, anthu akubalalika, foni ikulowa m'thumba ikujambulabe. Chimene munkafuna chili pakati, ndipo ntchito yotsala ndi yochepa, kuchotsa pang'ono kuno ndi pang'ono uko.

Ambiri amatsegula pulogalamu yokonzera mavidiyo, n'kukoka timizere tiwiri, n'kudina batani losungira. Foni imayamba kuwerenga, 5%, 20%, 60%, ikutentha m'manja, batire likutsika. Ikamaliza, vidiyo imatuluka yodulidwa ndithu, koma mukaiyang'anitsitsa pa sikirini yaikulu mumaona kuti yasintha. Maluwa a pachitenje aphatikana, masamba a mtengo wakumbuyo asanduka chibuluzi chobiriwira, ndipo m'malo amdima mukuoneka timabokosi tosunthasuntha. Nthawi zina fayilo yatsopanoyo imakhalanso yolemera kuposa yoyamba ija, chonsecho ndi yaifupi.

Chimene chachitika n'chakuti pulogalamuyo sinangodula. Yamasula vidiyo yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, n'kuifinyanso kachiwiri, ndipo kufinya kulikonse kumataya kena kake. Ilipo njira ina yodulira imene sikhudza zithunzi n'komwe. Imatha m'masekondi ochepa, ndi yaulere, ndipo gawo limene mwasunga limakhala lofanana ndendende ndi limene kamera inajambula. Ili ndi malire amodzi okha ofunika kuwamvetsa, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Zimene zili m'kati mwa fayilo

Vidiyo ndi zithunzi zambiri zotsatizana. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi. Chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, kutanthauza timadontho toposa mamiliyoni awiri. Kadontho kalikonse kakanasungidwa ndi mitundu yake yonse popanda kufinya, chithunzi chimodzi chikanalemera pafupifupi 6 MB, ndipo mphindi imodzi ya vidiyo ikanadya malo oposa 10 GB. Koma mukatsegula pamene iPhone imakufunsani mmene izijambulira, yalemba yokha kuti mphindi imodzi ya 1080p ndi pafupifupi 60 MB. Kusiyana konseku kukubwera chifukwa cha kufinya.

Njira zofinyira zimene mafoni amagwiritsa ntchito kwambiri ndi ziwiri: H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003, ndi ina yatsopanopo yotchedwa H.265 kapena HEVC, ya mu 2013. Zonse ziwiri zimataya dala tinthu timene diso silingatizindikire msanga. Kutaya koyamba, kumene kamera imachita pojambula, sikuoneka kwenikweni. Vuto limabwera pamene chithunzi chotayidwa kale kena kake chafinyidwanso: pulogalamu yachiwiriyo siidziwa mmene zinthu zinalili poyamba, choncho imatenga zipsera za kufinya koyamba ngati mbali ya chithunzi, n'kuwonjezerapo zake. Zotayikazo sizibwereranso, ngakhale mutasankha kuti fayilo ituluke yaikulu chotani.

Zithunzi zofinyidwazo, pamodzi ndi mawu ake, zimasungidwa m'fayilo ya `.mp4` kapena, pa iPhone, ya `.mov`. Mayina amenewa sanena za kafinyidwe. Amangonena mmene zidutswa za zithunzi ndi za mawu zasanjidwira, ndi mndandanda wosonyeza kuti chidutswa chakuti chioneke pa sekondi yakuti. Apa ndi pamene pali mwayi wathu. Pulogalamu ingathe kutola zidutswa zofinyidwa kale za gawo limene tikufuna, n'kuzisamutsira m'fayilo yatsopano mmene zilili, n'kulemba mndandanda watsopano. Palibe chithunzi chimene chamasulidwa, palibenso chimene chafinyidwa. Ntchitoyo ndi kukopera chabe, n'chifukwa chake imathamanga.

Chifukwa chake simungadule paliponse

Pa zithunzi 30 za sekondi imodzi, zambiri zimafanana kwambiri. Kwaya ikamaimba, khoma lakumbuyo silisintha, mabenchi sasintha. Zimasuntha ndi milomo, manja ndi mapewa. Choncho kamera siisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chathunthu chimodzi, kenako pa zotsatirazo imangolemba zimene zasintha: dzanja ili lakwera pang'ono, mutu uwu watembenukira kumanzere. Pakapita kanthawi imasunganso chathunthu china, n'kuyambiranso.

Taganizirani buku la mlembi wa banki m'khonde. Pamwamba pa tsamba lililonse amalemba ndalama zonse zimene zili m'bokosi, tinene K240,000. Pansi pake amangolemba zolowa ndi zotuluka: alowetsa K5,000, akongola K20,000, abweza K8,000. Mutang'amba tsambalo cha m'munsi, zotsalazo zimawerengekabe bwinobwino mpaka pamene mwang'ambapo. Koma mutang'amba mzere wapamwamba uja, mizere yonse yotsatira yasanduka yopanda pake, chifukwa simukudziwa kuti K5,000 ija ikuwonjezedwa pa zingati. Muyenera kudikira tsamba lotsatira kuti muyambenso kumva.

Chithunzi chathunthucho mapulogalamu amachilemba kuti `keyframe`. Pa mavidiyo ochokera m'kamera ya foni chimabwera kawirikawiri kamodzi pa sekondi. Pa mavidiyo amene adutsa kale m'mapulogalamu ena chingatalikirane kwambiri. Pulogalamu yotchuka yofinyira ya x264, ikasiyidwa mmene imabwerera, imalola zithunzi mpaka 250 pakati pa chathunthu china ndi chinzake, ndiye masekondi oposa asanu ndi atatu.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Mchira mungaudule pafupifupi paliponse, chifukwa zithunzi zotsalazo zili ndi poyambira pake. Mutu ndiye wovuta: vidiyo yodulidwa popanda kufinyanso iyenera kuyambira pa chithunzi chathunthu, basi. Mawu alibe vuto limeneli, chifukwa amasungidwa m'tizidutswa tating'ono kwambiri, toposa 40 pa sekondi, ndipo angadulidwe pafupifupi pamene mukufuna.

Ine ndimaona kuti malire amenewa ndi aang'ono poyerekeza ndi phindu lake. Pa vidiyo ya ukwati, ya chinkhoswe kapena ya mwana akuyamba kuyenda, kuphonya malo odulira ndi theka la sekondi palibe amene angakuzindikire, koma nkhope zofufuma aliyense amaziona.

Chitsanzo: vidiyo ya kwaya

Tinene kuti mwajambula kwaya ikuimba, ndipo fayilo yake ndi `kwaya.mp4`. Ndi yaitali mphindi 4 ndi masekondi 10, ndiye masekondi 250, ndipo ikulemera 531 MB. Foni inkagwedezeka mpaka cha pa sekondi 11.5, woyambitsa nyimbo akutulutsa mawu oyamba pa 12.6, ndipo nyimbo ndi m'manja mwake zikutha pa 3:40. Tikufuna kuchotsa za kutsogolo kwa nyimbo ndi masekondi 30 omalizira.

Njira yosavuta kwa amene ali ndi laputopu, kapena amene angapemphe kompyuta kwa anyamata obena nyimbo pamsika, ndi pulogalamu ya LosslessCut. Anaipanga ndi Mikael Finstad wa ku Norway, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo pa GitHub imapezeka yaulere. Mukaitsegula mumakokera vidiyo m'kati mwake. Pansi pa chithunzi pali mzere wa nthawi, ndipo pamzerepo pali timizere toimirira tosonyeza pamene pali zithunzi zathunthu. Mukagwira `Alt` n'kudina muvi wa kumanja kapena wa kumanzere, pulogalamuyo imalumpha kuchoka pa chathunthu china kupita pa chinzake, osaima pakati.

M'chitsanzo chathu kulumphako kukufikitsani pa 11.011, pa 12.012, kenako pa 13.013. Pa 11.011 foni ikugwedezekabe. Pa 13.013 nyimbo yayamba kale, ndipo mungadule mawu oyamba. Choncho malo abwino ndi 12.012: chithunzi chakhazikika, ndipo patsala theka la sekondi lakachetechete nyimbo isanayambe, lomwe limathandiza woonera kukonzeka. Mukaima pamenepo dinani `I`. Pitani pa 3:40 n'kudina `O`. Kenako dinani `E`, onetsetsani kuti njira yodulira yosankhidwa ndi `Keyframe cut`, n'kutsimikiza. Musanamalize kukhala bwino pampando, fayilo yatsopano yatuluka pambali pa yoyamba, ndipo yoyambayo sinakhudzidwe.

Tsopano tisinthe chitsanzocho pang'ono. Bwanji ngati chala chinaphimba kamera mpaka pa 12.3, nyimbo n'kuyamba pa 12.6? Pakati pamenepa palibe chithunzi chathunthu. Mukayambira pa 12.012, chala chioneka kwa kanthawi kochepa. Mukayambira pa 13.013, mwataya mawu oyamba a nyimbo. Pano muyenera kusankha, ndipo ine ndingasiye chalacho, chifukwa nyimbo yodulidwa mutu imapweteka khutu nthawi iliyonse imene mukuimvera, pamene chala chodutsa mofulumira chimaiwalika. LosslessCut ili ndi njira yachitatu yotchedwa `Smart cut`, imene imafinyanso kachidutswa kakang'ono kokha ka pakati pa malo amene mwasankha ndi chithunzi chathunthu chotsatira, zina zonse n'kuzikopera. Mwini wake amanena poyera kuti njirayi ikadali yoyeserera, ndipo pa mavidiyo ena pamalumikiziropo pamadumpha. Iyeseni, koma muonere chiyambicho musanakhutire nacho.

Kulemba lamulo nokha

Pansi pa LosslessCut pali pulogalamu ina imene imagwira ntchito yeniyeniyo, yotchedwa FFmpeg, imene Fabrice Bellard wa ku France anaiyambitsa m'chaka cha 2000. Ilibe mabatani, mumailembera zochita. Ubwino wake ndi wakuti imagwiranso pafoni ya Android, kudzera mu pulogalamu ya Termux, choncho amene alibe kompyuta sasiyidwa. Mukaika Termux, lembani mizere iyi umodziumodzi. Wachiwiriwo ukupemphani chilolezo chofikira mafayilo a m'foni, ndipo muvomere.

```
pkg install ffmpeg
termux-setup-storage
cd ~/storage/dcim/Camera
```

Choyamba ndi kudziwa pamene pali zithunzi zathunthu. Lamulo ili likuonetsani nthawi zake m'masekondi 20 oyambirira a vidiyo:

```
ffprobe -v error -select_streams v:0 -skip_frame nokey -read_intervals %+20 -show_entries frame=pts_time -of csv=p=0 kwaya.mp4
```

Patuluka mndandanda wa manambala, monga 11.011000, 12.012000 ndi 13.013000. Tasankha kale 12.012. Kudula kwenikweni ndi uku:

```
ffmpeg -ss 12.02 -to 00:03:40 -i kwaya.mp4 -c copy -avoid_negative_ts make_zero -map_metadata 0 kwaya_yodula.mp4
```

Mtima wa lamuloli ndi `-c copy`, kumene kukuuza FFmpeg kuti ikopere zithunzi ndi mawu mmene zilili. Mukaiwala timawu timeneti, ifinyanso vidiyo yonse osakufunsani. `-ss` ndi poyambira, `-to` ndi pothera, ndipo `-map_metadata 0` imasamutsa tsiku limene vidiyoyo inajambulidwa, limene FFmpeg ikanalisiya. Tsikuli limaoneka ngati lopanda ntchito lero, koma patapita zaka zisanu ndi limene lidzakuuzeni kuti mwambowo unachitika liti.

Mwina mwaona kuti ndalemba 12.02, osati 12 chabe. N'chifukwa chakuti FFmpeg ikamafunafuna poyambira imabwerera m'mbuyo mpaka itapeza chithunzi chathunthu chimene chili pa nthawi imene mwanenayo kapena isanakwane. Mukalemba 12, chathunthu cha pa 12.012 chimakhala chitapitirira pang'ono, ndipo pulogalamuyo ibwerera mpaka pa 11.011, n'kukubweretseraninso kugwedezeka kumene mumathawa. Kuwonjezera kanambala kakang'ono pamwamba pa nthawi ya chithunzi chathunthu kumakutetezani.

Dzina la fayilo yotuluka likhale losiyana ndi loyamba, ndipo mathero ake asasinthe. Vidiyo ya iPhone ya `.mov` ituluke `.mov`.

Zikalakwika zimaoneka bwanji

Cholakwika chofala kwambiri chimadziwika chonchi: mukatsegula vidiyo yodulidwayo, mawu akuyamba koma sikirini ndi yakuda, kapena chithunzi chaima nji kwa kanthawi, kenako n'kuyamba kuyenda. Izi zimachitika `-ss` ikalembedwa pambuyo pa `-i kwaya.mp4` m'malo mwa patsogolo pake. Ikakhala pamenepo, FFmpeg siibwerera m'mbuyo; imataya zonse mpaka pa nthawi imene mwanena. Mukanena 12.6, mawu ayambira pomwepo, koma zithunzi zidikira chathunthu cha pa 13.013, ndipo pakatipo palibe chooneka. Pa vidiyo ya kamera mpatawo ndi waufupi, koma pa ija ya zithunzi zathunthu zotalikirana mungadikire masekondi angapo mukumva mawu okha. Mapulogalamu ena amene amadula mosasamala amasiya zithunzi zopanda poyambira, ndipo pamenepo mumaona zigamba zotuwa kapena zobiriwira zikusefukira pa sikirini mpaka chathunthu china chitafika. Mankhwala ake ndi amodzi: bwererani ku fayilo yoyamba, mudule pa chithunzi chathunthu.

Cholakwika china ndi cha kumapeto. Mukalemba `-ss` patsogolo pa `-i` koma `-to` pambuyo pake, FFmpeg imayamba kuwerenga nthawi kuchokera pamene mwadulapo. M'chitsanzo chathu 3:40 ija ikhala kutalika kwa vidiyo yatsopano, ndipo ithera pa 3:52 ya vidiyo yoyamba, anthu atayamba kale kukoka mabenchi. Zonse ziwiri zikhale patsogolo pa `-i`, monga momwe zalembedwera pamwambapa.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa kuposa izi, chifukwa sichioneka ndi maso. Fayilo ya `.mp4` kapena `.mov` ingathe kukhala ndi kachidziwitso kouza pulogalamu yoonetsera kuti idumphe kachigawo kena ka kumayambiriro. Mukadula pa 12.6 popanda `-avoid_negative_ts make_zero`, FFmpeg imakopera kuyambira pa 12.012, chifukwa singachitire mwina, kenako n'kulemba kuti theka la sekondi loyambalo libisike. Pafoni panu vidiyo iyambira pa 12.6 ndendende, ndipo muganiza kuti zonse zili bwino. Koma zithunzi zobisikazo zikadali m'fayilomo. Wayilesi yakanema yowerenga fulashi, kapena pulogalamu ina yosalabadira kachidziwitsoko, ingazionetse, ndipo munthu wodziwa angazitulutse mosavuta. Ngati mukudula chifukwa chakuti kumayambiriro kukuoneka nkhope ya mwana wa munthu wina, nambala ya galimoto, kapena chikalata chimene chinali patebulo, musadalire kubisa. Yambirani pa chithunzi chathunthu chimene chili kutsogolo kwa chinthu chimenecho, ngakhale mutataya sekondi imodzi ya zabwino. Timawu ta `make_zero` tija timachititsa kuti zonse zimene zili m'fayilo zizioneka, kuti mudziwe bwinobwino zimene mukupatsa anthu.

Kodi mungadziwe bwanji kuti sinafinyidwenso?

FFmpeg imanena yokha. Pa zolemba zimene zimatsetsereka pa sikirini, yang'anani pamene palembedwa `Stream mapping`. Ngati mizere yake ikuthera ndi `(copy)`, zithunzi ndi mawu zakoperedwa. Mukaona dzina ngati `libx264` pamzerepo, ikufinya, ndipo mungaiimitse podina `q`.

Pa mapulogalamu ena, makamaka chodulira chimene chimabwera kale m'malo oonera zithunzi a foni yanu, muyenera kudzifufuzira, chifukwa mafoni amasiyana: ena amakopera mukangodula chabe, ena amafinyanso. Chizindikiro choyamba ndi mafunso. Pulogalamu ikakufunsani ngati mukufuna 720p, 1080p kapena 4K, kapena kuti vidiyo ituluke yokongola motani, ndiye kuti ikukonzekera kufinya, chifukwa wokopera alibe chosankha. Mapulogalamu olola kuika mawu olembedwa, nyimbo ndi zokongoletsa, monga CapCut ndi InShot, amafinyanso potulutsa. Sangachitire mwina, popeza ntchito yawo ndi kusintha zithunzizo. Chachiwiri ndi nthawi. Kukopera vidiyo ya mphindi zitatu ndi theka kumatenga masekondi ochepa, ndipo foni siitentha. Koma chizindikiro chimenechi chingakunamizeni pa vidiyo yaifupi, chifukwa mafoni atsopano amafinya mofulumira.

Chodalirika kwambiri ndi masamu a kulemera. Vidiyo yathu inali masekondi 250 ndi 531 MB, ndiye pafupifupi 2.1 MB pa sekondi. Tasunga kuyambira pa 12 mpaka pa 220, masekondi 208. Ngati yakoperedwa, iyenera kulemera pafupifupi 442 MB. Kusiyana pang'ono sikudetsa nkhawa, chifukwa masekondi ogwedezeka amadya malo ambiri kuposa odekha. Koma mukapeza 90 MB, yafinyidwa ndipo yataya zambiri. Mukapeza 700 MB, yafinyidwanso ndithu, kungoti yakudyerani malo popanda kuwonjezera chilichonse chimene kamera inaona.

A iPhone akumbukire chinthu chimodzi. Mukadula m'pulogalamu ya Photos n'kusankha `Save Video`, foniyo imasungabe vidiyo yonse yoyamba kuseri, kuti mudzathe kubwerera podina `Revert`. Ndi chitetezo chabwino, koma malo a m'foni samasuka. Kuti mukhale ndi fayilo yakeyake yaifupi, sankhani `Save Video as New Clip`.

Masamu omwewa akusonyezanso chimene njirayi singachite. Siichepetsa kulemera kuposa gawo limene mwachotsa. Ngati cholinga chanu ndi chakuti 531 MB isanduke 40 MB kuti bandulo ikwanire, kufinya sikungapeweke, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chofunika ndi dongosolo lake: dulani kaye mokopera, musunge fayilo imeneyo ngati yeniyeni, kenako mufinye kamodzi kokha kuchokera pa imeneyo. Kumbukiraninso kuti pa nthawi yodula mafayilo awiri amakhala m'foni pamodzi, choncho pafunika malo ena pafupifupi 450 MB. Malo akatha ntchito ili pakati, fayilo yotulukayo siitseguka. Yoyambayo musaifufute musanaonere masekondi asanu oyamba ndi asanu omaliza a yatsopano, mawu ali otsegula, makamaka pa chipangizo chimene idzaonetsedwerepo.

Potumiza

Khama lonseli lingathere pa sitepe yomaliza. Mukatumiza vidiyo pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, posankha kuchokera pa zithunzi za m'foni, pulogalamuyo imaifinya isanachoke, ndipo ngakhale mutadina `HD` imafinyabe, kungoti mocheperapo. Kachodulira kamene kamaoneka pamwamba pa vidiyo musanatumize kali m'njira yomweyo. Kuti m'bale wanu wa ku Joni kapena ku Mangalande alandire zimene kamera inajambula, dinani chizindikiro chomangirira mafayilo n'kusankha `Document`. Njira imeneyi imatumiza fayilo mmene ilili, mpaka 2 GB. Mtengo wake ndi bandulo: 442 MB ichoka kwa inu, ndipo 442 MB ina ichoka kwa wolandira, choncho ndi bwino kumufunsa kaye. Kwa anthu a pafupi, chingwe, fulashi kapena memore khadi zimasamutsa fayilo popanda kuisintha komanso popanda ndalama.

Ngati vidiyoyo ikupita ku gulu la anthu ambiri kapena pa `Status`, ifinyidwa ndithu, ndipo simungaletse. Pamenepo tumizani fayilo yodulidwa mokopera ija, kuti kufinya kwa WhatsApp kukhale koyamba kuchokera pamene vidiyo inatuluka m'kamera, osati kwachiwiri kapena kwachitatu.